Lachiwiri ku kiliniki ya m'mudzi

Mvula ya sabata yatha yabweretsa udzudzu, ndipo lero ana otentha thupi anali ambiri pa benchi. Ambiri ndawayeza magazi a pachala, amene apezeka ndi malungo ndawapatsa LA, abwerera kwawo akuyamwa, ena akulimbirana mandasi. Amenewo sandidetsa nkhawa.

Wandiimitsa mutu ndi mwana wa zaka ziwiri amene anafika naye mayi ake cha m'ma 10 koloko. Atamumasula kumsana, mutu unangoti lende. Ndinamuitana dzina, ndinaomba m'manja pafupi ndi khutu, iye anangotsegula maso pang'ono n'kutsekanso.

"Mayi, akumwa madzi?"

"Ayi adokotala, chilichonse akubweza. Koma thupi lazizirako, usiku ndinam'patsa panado."

Apa ndi pamene makolo ambiri amanyengeka. Panado amangotsitsa kutentha, sapha tizilombo ta malungo. Choyang'ana ndi mwanayo: akuyamwa kapena kumwa? Zimene wamwa zikukhazikika m'mimba? Akudzuka mukamudzutsa? Wakomokapo, manja ndi miyendo n'kumagwedezeka? Chimodzi chokha mwa izi chikalakwika, musadikire kuti kuche.

Ndinakweza kamalaya kake n'kuwerenga mpweya kwa mphindi yathunthu. Ndinapeza 48, pomwe mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika pa 40 ndiye kuti akupuma mofulumira, ndipo mwina ndi chibayo. Ndinayang'ananso ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, komanso ngati khosi lauma. Zimenezo panalibe. Koma zikhatho zinali mbuu, zoyera ngati ufa, chizindikiro choti magazi achepa.

Mwana wotere sapatsidwa LA, chifukwa angosanza, mwinanso kutsamwa. Ndinamuika mankhwala a atesuneti olowetsa kumbuyo, ndipo ndinawauza mayiwo mobwereza kuti amenewa ndi ongomugwiriziza panjira, mankhwala enieni ndi jakisoni wa kuchipatala. Ndinalemba kalata, tinaitana kabaza wa njinga yamoto. Ndinawalangiza kuti akakomoka panjira amugoneke cham'mbali, asamuike supuni kapena chala m'kamwa, asamumwetse kanthu. Akafika asakhale pamzere, akangoonetsa mwanayo kwa anamwino.

Agogo ake ankafuna kuti ayambe adikira bambo a mwana abwere kudimba. Ndinawachonderera kuti, "Agogo, bambowo awapeza konko." Anavomera, ndipo ndinawathokoza kwambiri, chifukwa malungo akafika ku ubongo mwana amatha kutisiya tsiku lomwelo.

Masana kunabweranso khanda la masabata atatu, thupi lofunda pang'ono chabe. Nalonso ndinalitumiza pompo. Mwana wosakwana miyezi iwiri akatentha thupi sitiyesa mankhwala kumudzi, ngakhale akuoneka bwino.

Madzulo bambo a mwana wa zaka ziwiri uja andiimbira foni. Mwana wagonekedwa, wabayidwa jakisoni ndipo akumuika magazi. Mawa ndikayendera abale ake awiri, ndikaonenso ngati akugona m'masikito.