Tiyanjane wasiya kunena "ine", ndipo tsopano akumveredwa chisoni

Nkhani yaifupi ija ya Tiyanjane yaima bwino tsopano. Kwa amene simunaione: ndi ya mtsikana amene abale ake amamutumizira ndalama za mankhwala a bambo awo, iye n'kutapapo kuti abweze ngongole yake, mpaka mankhwala kutha mwezi usanathe.

Poyamba inali ya "ine", Tiyanjane akudzifotokozera yekha. Anzanga a m'gulu lathu lowerengerana ataiwerenga, onse anamuda. Wina anachita kulemba m'mphepete kuti, "ameneyu akungodziyeretsa." Ndime imene inawanyansa ndi iyi:

"Ndinatenga ndalamazo chifukwa ndinalibe pogwira. Ndinadziwa kuti ndidzabweza. Palibe amene ankandifunsa ngati ndadya."

Zonsezi n'zoona m'nkhanimo, koma wonenayo ndi wolakwa yemweyo. Mfotokozankhani wa "ine" amayankhula zinthu zitachitika kale, wapeza nthawi yosankha choti anene ndi choti abise, ndiye wowerenga amakhala ngati woweruza amene akumvetsera mbali imodzi. Chinanso, mpangankhani akayamba kudzimvera yekha chisoni, wowerenga amaona kuti ntchitoyo yagwiridwa kale, iye n'kuuma mtima.

Ndinaitembenuzira kwa "iye", koma osatuluka m'mutu mwa Tiyanjane: timaona zokhazo zimene iye akuona, timamva maganizo ake okha. Kusintha "ndina-" kukhala "ana-" pakokha sikunathandize, zifukwa zake zinkamvekabe ngati zodzikhululukira. Ndimeyo ndinailembanso yonse:

"Tiyanjane anawerenganso ndalamazo, n'kupatulapo zina. Abweza mwezi wamawa, ndani angadziwe? Kuchipinda bambo anatsokomola. Anadikira chifuwacho chithe, kenaka anapinda ndalamazo."

Mawu akuti "abweza mwezi wamawa" ndi maganizo ake, koma sindinaikepo "anaganiza kuti". Akungoyenda m'mawu a nkhani. Wowerenga akudziwa kuti sabweza, Tiyanjane sakudziwa, ndipo chisoni chikubadwira pa mpata umenewo. Kudikira chifuwa kuja munthu sanganene za iye mwini. Akati "ndinadikira chifuwa chithe", mumamva kuti akufuna mumuone kuti ali ndi mtima. Wina akanena, mumakhulupirira.

Chimene chinandidyera masiku ndi malo amene mchimwene wake akubwera n'kupeza botolo la mankhwala lili lopanda kanthu. Munalowa chiganizo chimodzi chokha: "Mchimwene wake anakumbukira usiku wonse umene anagwira ntchito kuti apeze ndalamazo." Owerenga atafika pamenepo anasamukira kwa iye, osabwereranso. Chiganizocho chinatsegula mutu wachiwiri, wa munthu wosalakwa, ndipo pakati pa wakuba ndi woberedwa wowerenga sachedwa kusankha. Muyeso wanga tsopano ndi umodzi pa chiganizo chilichonse: kodi Tiyanjane angadziwe zimenezi ali pamene waimapo? Zokumbukira za mchimwene wake sangazidziwe. Angaone manja ake. Ndiye palembedwa kuti mchimweneyo anatembenuza botololo, n'kuligwedeza, n'kuliika pansi osamuyang'ana. Ululu wa mchimweneyo ulipobe, koma ukutifika kudzera m'manyazi a Tiyanjane.

Kenanso kakang'ono: mayina. Paliponse pamene nkhani inatchula bambo wodwalayo ndi dzina lake, tinkatuluka m'mutu mwa mwana wake, chifukwa iye sangawatchule choncho ngakhale mumtima. Ndasiya "bambo" basi. Vuto latsala ndi "ana-" uja, poti amaimira Tiyanjane, bambo, ndi onse pamodzi. "Anadikira" wa m'ndime ija ena anayesa ndi bambo. Ndimawerenga mokweza n'kudzijambula pa foni, ndipo pamene ndasokonezeka pomvetsera ndi pamene ndimabwezapo dzina.

Musandimve ngati ndataya "ine". Nkhani yanga yakale ija ya kamnyamata kofotokoza za kulekana kwa makolo ake inagwira mtima chifukwa cha "ine" yemweyo. Kamwanako kankanena mokondwa kuti amayi alongedza zikwama, mwina tikupita kokayenda, wowerenga akudziwa kale kuti banja latha. Ndi mpata womwe uja. "Ine" amakoka chisoni ngati wonenayo akudziwa zochepa kuposa wowerenga, kapena ngati akudziweruza mopitirira muyeso mpaka ife tiyambe kumuikira kumbuyo. Tiyanjane wa poyamba ankadziwa zonse, ndipo ankadziikira yekha kumbuyo.

Pali chimene ndataya. Liwu lake linali ndi nthabwala zolasa, makamaka akamanena za abale otumiza ndalama koma osabwera kudzaona wodwala. Zambiri zapita, zochepa ndazilowetsa m'zokambirana.

Chotsatira, ndikufuna ndiyese mbali yomaliza yokha ibwerere kwa "ine", ngati kalata yopita kwa mchimwene wake, ndione ngati chisoni chimene wapeza chingapirire iye akatsegulanso pakamwa. Zikatheka, nkhani zonse za m'kope langa ndizilemba kawiri, ya "ine" ndi ya "iye", ndipo mwina Tiyanjaneyu akule akhale buku lathunthu chaka chisanathe.