Ndinakalipira osilosikopu usiku onse, cholakwa chili zilembo zitatu

Abale inu, manyazi amene ndinaona mu labu sabata yatha sindidzaiwala. Aphunzitsi anatipatsa bodi ya FPGA, koloko yake 50 MHz, akuti mugawe ndi 5 ituluke 10 MHz koma nthawi yokhala mmwamba ndi yokhala pansi zifanane. Ine ndinaseka, ndimvekere izi nza ana, ndimaliza tiyi asanazizire.

Kugawa ndi 4 sikuvuta, ziwiri mmwamba ziwiri pansi. Koma 5 mumugawa bwanji pakati? Kugunda kumodzi kwa kolokoyo ndi mananosekondi 20, zisanu ndi 100, ndiye kauntala yanga inkapereka 40 mmwamba 60 pansi, chifukwa ukamangowerenga koloko ikamakwera sungapeze theka la kugunda. Thekalo limapezeka koloko ikamatsika. Umatenga filipufulopu ina, ikopere siginolo yomweyo potsika koloko, ndiye imachedwa ndi 10, kenako ziwirizo uziphatikize ndi OR, 40 uja amatalika kufika 50. Izi ndinkazidziwa ndithu, mpaka ndinafotokozera anzanga awiri pa bolodi ngati ndine lekichala.

```
always @(posedge clk) begin
  cnt <= (cnt == 4) ? 0 : cnt + 1;
  p <= (cnt < 2);
end
always @(negedge clk) n <= p;
assign out = p | n;
```

Izi ndi zimene ndimayenera kulemba. Ndaika pa bodi, kuyang'ana pa osilosikopu, 60 mmwamba 40 pansi. Aaa! Vuto lomwe lija langotembenuka ngati chitumbuwa mu mafuta. Ndinasintha pulobu, ndinasintha waya wa gilaundi, ndinazimitsa bodi ndi kuyatsanso kaya kangati, mpaka ndinauza a tekinishani kuti bambo makina anuwa akalamba, iwo anangondiyang'ana nkupitiriza kudya mtedza wao.

Mmawa mtsikana wina wa mkalasi mwathu, mmodzi mwa omwe ndinawaphunzitsa pa bolodi aja, anasuzumira pa laputopu yanga masekondi osakwana khumi.

"Achimwene, `posedge` mwalemba kawiritu apa."

Ndinakopera mzere wa pamwamba nkuiwala kusintha `pos` kukhala `neg`. Filipufulopu yachiwiri imachedwa kugunda kwathunthu, 20 mmalo mwa 10, ndiye 40 kuphatikiza 20. Osilosikopu imandiuza yankho usiku onse ine ndikuitukwana.

Nditakonza inatuluka pafupifupi 50 ndi 50, osati ndendende, ndipo ndisanayambenso kunyoza makina aphunzitsi anandidula, akuti theka lakolo wabwereka ku koloko yolowa, ngati iyo imakhala mmwamba 9 pansi 11 iwe upeza 49 ndi 51, palibe chomwe kodi yako ingachite. Anawonjezanso kuti OR ameneyo usamayendetsere naye mafilipufulopu ena mkati mwa FPGA ngati koloko, pa ntchito yeniyeni gwiritsa PLL.

A tekinishani mpaka lero ndikalowa amandifunsa kuti makina okalamba aja ndiwayatsire kapena muyamba mwawerenga kodi?