Mmene tinapulumutsira holoselo yathu ku ngongole

Abale anga, mwezi uno tatsegula nyumba yachiwiri yosungiramo katundu kufupi ndi msika wa Mbare Musika ku Harare, ndipo kunena zoona mtima wanga wadzaza chifukwa kumapeto kwa 2024 ine ndi mayi akunyumba tinkakambirana zotseka basi. Timagulitsa mopikulitsa shuga, mpunga, mafuta ophikira ndi sopo kwa eni matakishopu a ku Epworth, Mufakose, Highfield ndi Dzivarasekwa, ambiri ndi anthu akwathu omwe makolo awo anachokera ku Malawi ngati ife, ndiye mukudziwa mmene zimavutira kukaniza munthu amene mumapemphera naye tchalitchi chimodzi.

Chomwe chinatigwetsa ndi ichi. ZiG, ndalama yatsopano ya Zimbabwe, itabwera mu Epulo 2024 makasitomala ena tinkawalembera ngongole mu ndalama imeneyo, kenako kumapeto kwa Seputembala banki yayikulu inaigwetsa kuchoka pa 14 kufika cha m'ma 24 pa dola imodzi. Invoisi ya ZiG 14,000 yomwe inali ngati $1,000 inasanduka yosafika ndi $600 yomwe, ndipo anthu amene ankazemba mafoni athu anabwera akumwetulira kudzalipira. Ena sanabwere n'komwe. Pamenepo kampani ina imene tinkaodako mafuta inatidula tsiku lomwelo, kuiwala zaka zonse timawalipira osaphonya. Akudzidziwa okha, panopa ndi iwo akutiimbira.

Ndiye tinakhala pansi n'kukonza lamulo. Kasitomala watsopano amayamba ndi kashi miyezi itatu, kaya ndi m'bale kaya ndi mkulu wa mpingo. Ikatha timaona kuti pa sabata amagula za ndalama zingati, n'kuchulukitsa ndi masabata amene tamupatsa kuti alipire. Amene amagula za $400 pa sabata ndipo tamupatsa masiku 14, malire a ngongole yake ndi $800. Masiku sitipitirira 14 chifukwa amene amatipatsa katundu amafuna zawo pa masiku 21, mukapatsa kasitomala masiku ambiri kuposa amene inu mwapatsidwa ndiye kuti mukuyendetsa shopu yake ndi ndalama zanu. Ang'onoang'ono timawapatsa masiku 7. Ngongole yonse timailemba mu madola a ku America, wofuna kulipira mu ZiG timawerengera pa mtengo wa tsiku lolipiralo.

Pamene ambiri amapusitsika ndi powerengera ngati munthu wafika pa malire. Amangoyang'ana ngongole yakale yokha. Ife timaphatikiza zitatu: zomwe sanalipire, maoda amene tavomera koma katundu sanatuluke, ndi oda yatsopanoyo. Mwachitsanzo amayi ena a ku Epworth, malire awo $800, anali ndi ngongole ya $550, oda ina ya $150 ikudikira galimoto, n'kutumizanso ya $250. Ukangoona 550 ndi 250 zikukwana 800 ndendende, ungati zili bwino, koma zonse pamodzi ndi $950, zapitirira ndi $150. Kompyuta inakana kutulutsa invoisi, ndipo popanda invoisi anyamata a ku sitolo sakweza ngakhale katoni imodzi. Anandiimbira atakwiya, amvekere achimwene mpaka ine? Ndinati mayi, njira zilipo ziwiri, mulipire $150 katundu atuluke yense, kapena tichepetse odayo ifike $100. Analipira masana omwewo, mpaka lero ndi kasitomala wathu ndipo malire awo tinawakweza.

Chotseka china ndi tsiku. Invoisi imodzi ikangodutsa tsiku lake akaunti imatsekeka, olo ngongoleyo ikhale $60 pa malire a $800. Kutsegula ndi ine ndekha, wogulitsa sangathe, chifukwa wogulitsa mtima wake uli pa kugulitsa. Ndipo chithunzi cha meseji ya EcoCash si malipiro ayi, timadikira ndalama ioneke kwathu. Enanso akatsekeredwa amatuma mkazi kapena mlamu kudzatsegula akaunti ina, n'chifukwa chake malire timaika pa shopu osati pa dzina. Munthu akayamba kulipira zidutswazidutswa koma maoda akukula, timatsitsa malire asanatithawe.

Ndithokoze mayi a ana anga amene anagwira mabuku usiku ine nditataya mtima, mwana wathu wamkazi amene anaika zonsezi mu kompyuta, amalume amene anatibwereka galimoto osafunsa kanthu, anyamata onyamula katundu amene anapirira malipiro atachedwa, amayi a chigwirizano amene anatipempherera, komanso inu makasitomala amene munadandaula koma simunatisiye, Mulungu akudalitseni nonse.

Amene muli ndi takishopu bwerani ndi chitupa chanu, mutiuze pamene pali shopu tidzaione, muyambe ndi kashi ndipo miyezi itatu ikatha tikambirana za ngongole. Shuga, mpunga ndi mafuta zadzaza, mitengo ndi yoti nanunso mupezepo kanthu, ndipo amene amalipira pa nthawi yake katundu timawaperekera mpaka pakhomo.