Matabwa obiriwira kunja kokha

Denga lakwera tsopano, malata ali pamwamba, ndiye ndikhoza kuifotokoza nkhaniyi mtima uli m'malo. Mwezi wa June sindikanatha, ndinali ndi ukali woti munthu ukhoza kuluma khasu.

Ndinapita kukagula matabwa a paini a denga, mathubayifolo 46 ndi mathubayifili 60 a mafiti 18, omwe ogulitsa ankati achokera ku Chikangawa. Pamalopo panali milu iwiri, wina woyera, wina wobiriwira. Mnyamata wogulitsa anati, "Bwana, tengani awa othira kale mankhwala, chiswe chikangonunkhiza chimabwerera." Mtengo wake unali wokwera ndithu kuposa oyerawo, koma ndinati bola kulipira kamodzi. Ndinalipira, ndinalipiranso lole, matabwa anafika ku puloti.

M'mawa mwake a kalipentala anga, bambo achikulire osalankhula zambiri, anadula thabwa limodzi ndi sowo n'kundiitana. "Achimwene, tabwerani muone mankhwala anu." Kubiriwira kuja kunali kopyapyala ngati chikhadabo. M'kati monse munali mbee, ndipo utuchi wake unali wonyowa, womata m'manja. Anthu aja anangosungunula kaya ndi chiyani n'kuwaza pamwamba pa matabwa aawisi.

Tsiku lotsatira lonse linathera kwa ogulitsa aja. Ndinanyamula chidutswa chija m'chikwama ngati umboni wa kukhoti. Mnyamata uja akuti dikirani abwana. Ndinakhala pa benchi kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa kupendeka, osadya, foni ya abwanawo ikungoitana. Atafika cha m'ma 4 koloko anayang'ana chidutswacho n'kunena kuti, "Ifetu tinati othira mankhwala, sitinati olowetsa mankhwala." Ndalama sizibwezedwa, ndipo ngati ndikufuna kusintha ndilipirenso lole ndekha. Ndinangonyamuka. Mpaka lero mawu amenewo akandibwerera ndimamva kutentha m'makutu.

Choncho musanalipire, auzeni adule thabwa limodzi pakati inu mukuona. Matabwa othiradi mankhwala obiriwira oteteza ku chiswe ndi kuola, otchedwa CCA, amawaika mu thanki yotseka, mankhwalawo n'kukankhidwira m'kati ndi mphamvu ya makina, ndipo ukadula umapeza kubiriwira kwalowa mozama. Pamtima penipeni pa mtengo pakhoza kukhala potuwirako chifukwa mtima sumwa bwino, koma mnofu wakunja wonse uyenera kusintha mtundu. Ena amakhala ndi chidindo kumapeto: H2 ndi a m'kati monga denga, H3 a panja posakhudza nthaka, H4 okwirira pansi. Anga analibe chidindo ngakhale chimodzi, ine osafunsa.

Basi tinayamba tokha. Choyamba chinali kuumitsa, ndipo apa ndi pomwe panandipweteka chifukwa ntchito inaima masabata 8. Thabwa laliwisi lili ngati siponji yodzaza kale madzi, mankhwala alibe polowa, amangoyenderera n'kugwa pansi. Tinasanja matabwawo pa njerwa, kutalika kofika m'bondo kuchoka pansi, pakati pa mzere uliwonse tikuika timitengo topingasa kuti mphepo izidutsa, pamwamba malata akale opsinja ndi miyala. Osawayanika pa dzuwa la phwee, amapindika ngati uta. Kuti tidziwe kuti auma, a kalipentala anasankha chidutswa chimodzi chomwe tinkachiyeza pa sikelo ya chimanga Loweruka lililonse. Chitasiya kupepuka masabata awiri otsatizana, anati tsopano. Mwayi wake inali nyengo yopanda mvula.

Ndaiwala kunena za oilo. Aliyense wodutsa ankandilangiza kuti ndingotenga oilo wakuda wotha ntchito ku galaja. Wotchipa inde, ndipo amathamangitsako madzi, koma si mankhwala ophera chiswe. Kwa mlamu wanga anapaka yemweyo, chiswe chinamanga msewu wake wadothi pamwamba pa oiloyo n'kukalowera pa mng'alu. Ine ndinagula mankhwala akuda amafuta aja ambiri timangowatchula kuti soliginamu, m'chigubu chosatsegula. Wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu ndinaukana, sudziwa kuti wasakanizidwa ndi dizilo wochuluka bwanji.

Dulani kaye, mankhwala pambuyo. A kalipentala anadula zidutswa zonse za matilasi a denga pa muyeso wake, kuboola poyenera kuboola, kenako ndiye tinathira. Chifukwa chake n'chakuti burashi imalowetsa mankhwala pang'ono chabe, mamilimita ochepa, ndiye ukapaka kenako n'kudula, watsegula khomo loyera pamalo pomwe matabwa akulumikizana, pomwenso sudzafikapo ndi burashi denga likakwera. Kumapeto kodulidwa ndi komwe kumamwa kwambiri. Tinadula mgolo pakati, n'kumaimika nsonga za matabwa m'menemo usiku wonse, m'mawa kutembenuza mbali inayo. Wolopuleti, thabwa logona pamwamba pa khoma lija, tinaliviika lathunthu mu ngalande yomwe tinamanga ndi njerwa n'kuyalamo pulasitiki wakuda pawiri. Limeneli ndi lomwe chiswe chimayamba kulipeza chikakwera khoma. Mbali zina zonse tinapaka kawiri, kachiwiri tsiku lotsatira koyamba katalowa. Pamwamba paja mnyamata wothandiza akadulako kanthu, ankakwera ndi kachitini kupaka pomwe wadulapo, ine ndili pansi kukuwa ngati kapitawo.

Valani magolovesi ndi malaya a manja aatali. Ine tsiku loyamba ndinachita matama, madontho anagwera pa mkono, dzuwa litawomba khungu linawotcha ngati ndakhudza chitedze, ndipo linasupuka patatha masiku. Zidutswa zotsala musapatse amayi kuti akolezere moto, makamaka zobiriwira zenizeni zija, utsi ndi phulusa lake zili ndi poizoni.

Pa zitseko ndi mafelemu ndinatsala pang'ono kulakwitsanso. Ndinkafuna kupaka akuda omwewo, a kalipentala anandigwira dzanja. Mankhwala amafutawo salola penti kugwira, amatulukira pamwamba ngati mawanga achikasu, ndipo fungo lake m'chipinda chogona silitha msanga. Choncho akudawo tinapaka kumsana kwa felemu kokha, komwe kumakhudza njerwa, ndi kumapazi kwake, komwe tinaviikanso usiku wonse. Kumaso kwa felemu ndi chitseko chenicheni tinapaka mankhwala osada olola penti, kenako pulaimala. Musaiwale pansi pa chitseko. Palibe amene amapaona, koma ndi pomwe pamamwa madzi okolopera ndi a mvula, ndipo kuola kumayambira pomwepo. Kuola n'kosiyana ndi chiswe: ndi nkhungu yomwe imadya thabwa lokhala lonyowa nthawi yaitali. Thabwa louma siliola. N'chifukwa chake mapazi a felemu sitinawakwirire m'dothi, akhala pa simenti pamwamba pa pulasitiki wa maziko.

Chitseko chakutsogolo chokha ndinagula cha mlombwa. Mtima wake wofiirira chiswe sichiukonda, koma yang'anani mbali zoyera za m'mphepete, zimenezo zimadyedwa ngati paini yemwe.

Tisanakhome malata tinatola kachidutswa kalikonse ka thabwa pa puloti, tinazula ndi chitsa cha mango chomwe chinali kuseri kwa khitchini. Pansi pake panali chiswe chodzaza beseni, mamita atatu okha kuchoka pa khoma. Tsopano Lamlungu lililonse ndimazungulira nyumba ndi sikuludalaivala, kuyang'ana timisewu tadothi pa maziko ndi kugogoda mafelemu kuti ndimve ngati akulira ngati ng'oma. Sabata yatha ndinapeza kamsewu kamodzi pakona ya bafa, katafika kale njerwa yachitatu. Ndinakaphwanya, n'kuthira mankhwala m'dothi pomwe kanatulukira.

Chidutswa chobiriwira kunja chija ndikadali nacho pa windo. Mnzanga wa kuntchito akukagula matabwa Loweruka, ndamuuza atenge sowo yake.