Zinanazi 0b11

Masana ndimaphunzitsa ana a Fomu 3 makompyuta m'kachipinda ka lendi pa Chitakale, pafupi ndi boma la Mulanje. Titafika pa mutu wa manambala a bainale, okutolo, desimolo ndi hekisadesimolo, omwe ndi a besi 2, 8, 10 ndi 16, ndinatopa n'kuwerengera pa bolodi, ndiye ndinalemba kapulogalamu ka Python koti kazisintha manambalawa. Ndinkafuna kochenjera, koti ukangolemba nambala kazidziwa kokha kuti ili mu besi yanji.

```python
def werenga(s):
    for besi in (16, 10, 8, 2):
        try:
            return int(s, besi)
        except ValueError:
            pass
```

Ndinakayesa ndithu. `ff` kanayankha 255. `0x1f` kanayankha 31. `0o17` kanayankha 15. `7` kanayankha 7. Ndinatseka laputopu ndili mwee, n'kupita kukamwa tiyi.

M'kalasi ndinayamba ndi kudziguguda pachifuwa. "Ana inu, munthu amanama, koma kompyuta sinama. Chimene inene, ndi chomwecho." Kenako ndinalemba pa bolodi `0b11`, yemwe ndi 11 wa bainale, n'kunena kuti amene ayambe kutchula nambala imeneyi mu desimolo ndimugulira zinanazi zochuluka chomwecho. Ndinali nditawerengera kale m'thumba: 1 wakumanzere ndi ziwiri, 1 wakumanja ndi chimodzi, zonse zitatu. Zinanazi zitatu ku Mulanje munthu sasauka nazo.

Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza mkono. "Zitatu, aphunzitsi."

"Tiyeni timve kwa mwini wake," ndinatero, n'kutembenuza laputopu kuti aliyense aone. Ndinalemba `werenga("0b11")`.

2833.

Chipinda chinati zii pang'ono, kenako chinaphulika. Mtsikana uja anaimirira mwaulemu, manja kumbuyo. "Pepani aphunzitsi, ndinalakwitsa ndine. Kompyuta sinama. Koma poti palibe wina anayankha, ndilandira zomwezo." Mnyamata wina anati amalume ake ali ndi lole ya matani atatu, angondichotsera ya mafuta. Wina ankafunsa ngati zikhale zosenda kale.

Thukuta lili kamukamu, ndinayamba kuwerengera pa bolodi pomwepo, ndipo 2833 uja sanali wamatsenga ayi. Mu hekisadesimolo, `b` ndi nambala, 11. Kapulogalamu kanga kanayambira pa besi 16, ndipo `int("0b11", 16)` saona chizindikiro cha bainale, amaona manambala anayi: 0, b, 1, 1. Ndiye 11 kuchulukitsa ndi 256 ndi 2816, kuonjeza 16, kuonjezanso 1, ndi 2833 yemweyo. Python analibe chifukwa chodandaulira, choncho `ValueError` sanabwere, ndipo besi 2 sinafikidwe n'komwe.

Mtsikana uja, pofuna kuteteza katundu wake, anati tiyese `10`. Kanayankha 16. Apa mpamene ndinaona kukula kwa dzenje. Manambala onse a bainale, okutolo ndi desimolo, kuyambira 0 mpaka 9, amapezekanso mu hekisadesimolo, ndiye chilichonse chopanda chizindikiro chinkamezedwa pakhomo loyamba. Nanga mayeso anga aja anadutsa bwanji? `ff` ndi `0x1f` anali a besi 16 kale. `7` ndi 7 paliponse kupatula mu bainale. `0o17` anapulumuka chifukwa `o` si nambala mu besi 16 kapena 10, ndiye anakanidwa kawiri n'kugwera pa 8, pamalo pake. Ndinali nditasankha mafunso anayi okhawo amene sakanandiyalutsa.

Kutembenuza ndondomeko kuti iyambire pa 2 sikuthandizanso, chifukwa `10` wa desimolo asanduka 2. Mawu oti `10` paokha sanena besi yawo. Angakhale 2, 8, 10 kapena 16, ndipo wodziwa ndi amene walemba. Python ali ndi njira yake yomwe ndinainyozera: `int(s, 0)`. Besi 0 imatanthauza kuti awerenge chizindikiro chakutsogolo, `0b`, `0o` kapena `0x`, ndipo popanda chizindikiro atenge ngati desimolo. Pamenepo `0b11` ndi 3. Ili ndi makani ake: `ff` wopanda `0x` imamukana, ndipo `010` imamukananso m'malo moganizira ngati ndi 8 kapena 10. Ine tsopano kukana kumeneko ndimakukonda. Amene akufuna kulemba `ff` yekha azinena besi, `int("ff", 16)`.

Ndinakonza, ndinalembanso, panatuluka 3. Kalasi inakana. Akuti yankho loyamba linatuluka kompyuta isanaopsezedwe.

Tinagwirizana zitatu, kuonjezapo chimodzi cha chipepeso. Koma nkhani inali itafika kale kumsika. M'mawa mwake ndinapeza bambo wina ataimika njinga pakhomo, dengu lodzaza zinanazi, akufunsa ngati ndine mphunzitsi wa oda yaikulu ija, komanso ngati zotsalazo abweretse Lachisanu.