Lipoti la ulendo wokaona phunziro la nthawi za aneni m'kalasi ya ana 118

Tinapita aphunzitsi asanu ndi mmodzi a makalasi ang'onoang'ono, pamodzi ndi a hedi athu, kukacheza kwa anzathu a sukulu ina amene tinamva kuti amaphunzitsa malamulo a chiyankhulo poyimba. Ine ndinanyamuka ndili ndi chikayiko. Nyimbo timayimbitsa tonse, ndipo ana anga amayimba mpaka malata kulira, koma ukawapatsa pensulo kuti alembe za mawa amalemba za dzulo.

Anatilowetsa mu Sitandade 3. Tsiku limenelo munali ana 118, atakhala pansi mothithikana, moti ife tinachita kuima motsamira khoma. Phunziro linali la nthawi za aneni: yakale, yatsopano ndi yam'tsogolo. Mayi amene ankaphunzitsa sanayambe ndi mayina amenewa. Anayamba ndi manja. Pa dzulo, mwana amaloza kumbuyo ndi chala chachikulu podutsitsa paphewa. Pa panopa, amaloza pansi patsogolo pa chifuwa. Pa mawa, amakweza mkono n'kuloza kubolodi. Zizindikiro zonse zitatu zimachitika mwana ali chikhalire, ndipo mayiwo anatiuza kuti anazisankha dala, chifukwa kuimiritsa ana ochuluka chonchi ndi kuwakhazikanso pansi kumadya mphindi zisanu, osawerengera milandu ya opondedwa zala.

Nyimbo yake ndi yaifupi, ya mtsogoleri ndi ovomera. Mphunzitsi amati "Dzulo", ana n'kuvomera "ndinalima". Akati "Panopa", iwo "ndikulima". Akati "Mawa", iwo "ndidzalima". Povomera amawomba m'manja kamodzi pa phatikizo lapakati, pa na, pa ku ndi pa dza, kenako n'kuonetsa chizindikiro chija. Kuwombako ndiko kumaloza khutu la mwana pamene pagona kusintha. Mnzathu wina anafunsa chifukwa chimene sanagwiritsire ntchito mawu akuti lero, amene amakoma kwambiri m'nyimbo. Yankho linandigwira mtima. Lero ndi lalitali: munthu angathe kunena kuti lero ndalima, lero ndikulima, kapena lero ndilima, ndipo zonse n'zolondola. Ana akayankha mosiyana sungawatsutse. Panopa ndi mawu opanikiza, amakokera pakamwa ku "ndikulima".

Atayimba kanayi ndi kulima, anasintha mneni: kusamba, kuthamanga, kudya. Mpaka apa zinali zimene ndimachita nanenso. Chimene chinandidzidzimutsa ndi chotsatira. Mayiwo anati, "Tsinzinani nonse." Kenako anayamba kutchula aneni okha, popanda dzulo kapena mawa, mosatsata dongosolo la nyimbo, ndipo anatenga aneni amene sanayimbidwe: "ndidzasoka", "ndinagwa", "ndikuseka". Ana anayenera kuyankha ndi manja okha, pakamwa potseka.

Apa m'pamene kalasi inaonekera mmene ilili. Pa nthawi yoyimba ana onse 118 ankaoneka odziwa. Atatsinzina, ndinawerenga pafupifupi makumi atatu amene pa "ndidzasoka" analoza kumbuyo kapena anangosiya dzanja m'malere. Ambiri anali kumbuyo ndi m'mbali mwa makoma. Ena ankasuzumira, ndipo osuzumira savuta kuwadziwa, chifukwa dzanja lawo limanyamuka mochedwa pang'ono, la mnzawo litafika kale. Mayiwo anati vuto lina limene amaliona kawirikawiri ndi la mwana amene waloweza mzere wa nyimbo: amaloza kumbuyo, pansi, kutsogolo, motsatana chomwecho, kaya watchula mneni wanji. Ameneyo wagwira nyimbo koma sanamve phatikizo. Ana onse osokonezawo anawasunthira kutsogolo osawakalipira, nabwereza nawo aneni asanu, ena onse akuyankhira limodzi.

Ndikuganiza kuti mphindi zitatu zotsinzinazo n'zimene zinali phindu la ulendo wonse. Kuyankhira pamodzi kumabisa ana, ndipo kuchonga makope 118 kuti udziwe amene wasochera ndi ntchito ya usiku wonse. Manja amawerengeka uli chiimire pabolodi.

Gawo lomaliza linali nkhani ya zithunzi. Zinali zitatu, chilichonse pa pepala lalikulu lakelake, zojambulidwa ndi mizere yonenepa popanda zokongoletsa, kuti wokhala kumapeto aone. Choyamba, nkhuku ndi mazira m'chisa. Chachiwiri, nkhuku itakhalira mazirawo. Chachitatu, anapiye akutuluka. Pansi pa zithunzizo panadutsa chingwe, ndipo pachingwepo panali kakhadi kolembedwa kuti PANOPA, komangidwa ndi pegi.

Kakhadi kali pa chithunzi chapakati, ana ananena kuti: Nkhuku inaikira mazira. Nkhuku ikufungatira mazira. Anapiye adzatuluka. Ndiye mayiwo anakoka kakhadi kupita pa chithunzi choyamba, nafunsa nkhani yomweyo. Inasanduka: Nkhuku ikuikira mazira. Idzafungatira mazira. Anapiye adzatuluka. Atakakokera pa chachitatu: Nkhuku inaikira mazira. Inafungatira. Anapiye akutuluka. Zithunzi zitatu zokha zinabala ziganizo zisanu ndi zinayi, ndipo ana anaona ndi maso kuti nthawi ya mneni imadalira pamene woyankhula waima, osati chithunzicho. Nkhaniyi inawachotsanso pa "ndi" wa m'nyimbo, popeza nkhuku imafuna "i" ndipo anapiye amafuna "a". Mwana wina anati "idafungatira", anzake ena n'kumuseka. Mayiwo analemba "inafungatira" ndi "idafungatira" pabolodi, nanena kuti na ndi da onse amaloza kumbuyo.

Asanalembe, ana ananong'onezana awiriawiri chiganizo chimodzi ndi amene wayandikana naye. Magulu a anthu asanu sanapange, chifukwa malo otembenukira palibe. Kenako aliyense analemba ziganizo zitatu m'kope, kakhadi kali pakati. Mayina akuti nthawi yakale, yatsopano ndi yam'tsogolo anabwera pa mapeto penipeni, ana atagwira kale chinthucho.

Pokambirana masana, a hedi athu anafunsa ngati njirayi imathetsa zonse. Mayiwo anati ayi. Nthawi imene imatenga ma, monga "ndimalima", ilibe malo amodzi olozapo, ndipo iwo amazungulitsa chala m'mwamba, koma amaiphunzitsa sabata ina payokha. Akaiphatikiza ndi zitatuzi tsiku limodzi, manja amasokonekera. Anatinso ana olankhula chiyankhulo china kunyumba amachedwa pa gawo lotsinzina, choncho amawapatsa aneni a zinthu zimene angachite pomwepo, monga kuseka ndi kuwomba.

Nditabwerera ndinayesa m'kalasi yanga Lachiwiri lotsatira. Ndinalakwitsa ziwiri. Ndinajambula zithunzi zonse pa pepala limodzi, moti akumbuyo ankati anapiye ndi miyala. Komanso potchula aneni ana atatsinzina, mawu anga ankatsatabe kayimbidwe ka nyimbo, ndipo ana ankangoyankha kutsata kayimbidweko. Ndinazindikira nditatchula "ndinaphika" kawiri motsatana, theka la kalasi n'kuloza pansi kachiwiriko. Tsopano ndimalemba aneni khumi pa kapepala mosakaniza ndisanalowe, ndipo ndimawatchula ndi mawu oyankhulira wamba. Anzathuwo adzabwera kwathu teremu ya mawa, ndipo tagwirizana kuti adzatione tikuphunzitsa "ma" uja.