Zikomo aphunzitsi, gulu lathu la usipa ku Makawa lidakalipo

Ndalemba izi poyera chifukwa kuthokoza kwa pakhomo kokha sikungakwane. Ndine wapampando wa kagulu ka amayi asanu ndi atatu amene timagula usipa padoko kuno ku Makawa m'boma la Mangochi, kuufutsa kapena kuuyanika, n'kumautumiza ku msika wa Limbe. Mwezi wa Januwale gululi linatsala pang'ono kutha chifukwa cha mkangano wa anzathu awiri. Mayina awo sinditchula, ndipo nawonso amayi amene anatiyanjanitsa andiletsa kuwatchula. Ife timangowaitana kuti aphunzitsi, popeza anaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri asanapume. Aphunzitsi, zikomo kwambiri.

Amene simudziwa ntchito yathu, imayenda motere. Asodzi a khoka la chilimira amapha usipa usiku ndi nyali, ndipo amafika padoko kusanache. Mnzathu mmodzi ndiye amadzuka cha m'ma 3 koloko kukadikira mabwato, kutsatsa mtengo ndi kuwerenga zigoba. Wachiwiri ndiye mwini mphika wofutsira, nkhuni, mchere ndi kiyi wa sitolo. Ntchito ziwirizi sizinavutepo, aliyense amadziwa yake. Koma pali zina zimene zili pakati: kutembenuza nsomba pathandala, kuingitsa mbalame ndi agalu, kuvundikira pepala la pulasitiki kukayamba kuda kumwamba, ndi kutsuka ndowa ndi mphika madzulo. Pa zimenezi ine ndinangonena tsiku lina pamsonkhano kuti, "Awirinu muzithandizana." Ndinkayesa ndalamula bwino.

Tsiku la tsokalo tinali titagula zigoba 40. Mvula inagwa dzuwa litangopendeka, yamphamvu koma yosakhalitsa, ndipo pathandala panalibe munthu. Usipa wakuti wayamba kuuma ukanyowanso subwerera mwakale. Umada, umafumbutuka ukaugwira, umatulutsa fungo, ndipo ntchentche zikaupeza mawa lake mumakhala mphutsi. Zigoba 14 zinathera kwa ogaya chakudya cha nkhuku pa mtengo wosafika ndi theka la umene tinagulira. Madzulo amenewo mawu amene anatuluka m'kamwa mwa amayi awiriwa sindingawabwereze pano. Kwa masabata awiri sankapatsana ndi moni. Wina akafuna kiyi ankatuma mwana. Ena tonse tinagawikana, uyu kwa uyu, uyo kwa uyo, ndipo ine nditayesa kuwaitanitsa pamaso pa gulu lonse zinangoipiraipira, chifukwa aliyense ankalankhulira omvera osati mnzake.

Chinthu choyamba chimene aphunzitsi anachita chinali kukana msonkhano. Anapita kwa aliyense payekha, kunyumba kwake, tsiku losiyana. Sanafunse kuti walakwa ndani. Anangoti, "Tandiuzani tsiku lija mmene linayendera, kuyambira pamene munadzuka mpaka pamene munagona," n'kumalemba mukope ola ndi ola. Anamaliza ndi funso limodzi kwa onse awiri: pa nthawi imene mvula inkagwa, inu mumaganiza kuti pathandala pali ndani?

Mayankho atawaika pamodzi, nkhani inaoneka yokha. Wogula uja, atadzuka usiku n'kuyanika nsomba mpaka cha m'ma 11, ankapita kukagona podziwa kuti masana ndi a mnzake, popeza iye wagwira kale maola asanu ndi atatu. Wamphika uja ankachoka cha m'ma 12 kukatenga mwana kusukulu ndi kukasaka nkhuni, podziwa kuti nsomba zoyanika zaziwisi ndi za wogula, zake ndi zofutsa basi. Wina ankagawa ntchito ndi maola, wina ndi mtundu wa nsomba, ndipo palibe amene ankanama. Kuyambira 12 mpaka 3 koloko thandala linkakhala lokha tsiku lililonse, miyezi yonse ya chilimwe. Sitinaziwone chifukwa kunalibe mvula yotiululira.

Kenako anabwera kwa ine. Ndinkayembekeza kuti adzandifotokozera za anthu anga, koma anandifunsa kuti, "Amayi, pamene munkati azithandizana, mvula ikagwa 1 koloko mumafuna kuti athamange ndani?" Ndinasowa yankho. Anati ntchito ya anthu awiri yopanda dzina la munthu mmodzi ndiye kuti ilibe mwini, ndipo amene anaisiya choncho ayenera kuyamba ndiye kupepesa. Zinandiwawa, sindinama. Usiku umenewo ndinagona ndikuwanyinyirikira mumtima. Koma kunena zoona, mbali yaikulu ya zigoba 14 zija inali pamutu panga.

Panalinso china chimene anachifukula, chimene ine sindikanachipeza. Mvula ija inangotsegula chilonda chakale, ndipo chilondacho chinali ndowa. Wamphika anakhala akutsuka ndowa zonse yekha pafupifupi chaka chathunthu, osadandaula pagulu, koma akuwerenga mumtima. Wogula naye anali ndi chake: ankagwiritsa ntchito mayunitsi ake kuimbira asodzi usiku kufunsa doko limene afikire, ndipo palibe anamubwezerapo. Aliyense ankadziona kuti ndiye akusenza gulu. Aphunzitsi anati umu ndi mmene amadziwira kuti mkangano suli pa nkhani imene ikunenedwayo: munthu ukamufunsa za tsiku limodzi iye n'kumayankha ndi mawu akuti "nthawi zonse" kapena "chiyambire".

Tinakumana anayi okha pakhonde pawo, Lamlungu masana, tsiku limene onse awiri anasankha chifukwa wina amapemphera Lachisanu ku mzikiti, wina Lamlungu m'mawa ku tchalitchi. Ndinayamba ndine kuvomera kulakwa kwanga, ndipo ndinaona mapewa a onse awiri akutsika. Lamulo la aphunzitsi linali lakuti wina akamalankhula mnzake asadule, ndipo asanayankhe ayambe wabwereza zimene wamva mpaka wolankhulayo avomere kuti inde, ndi zimene ndanena. Poyamba zinkaoneka ngati za ana asukulu. Wamphika anayesa katatu asanakhoze, chifukwa ankangothiramo zake. Kachitatu anati, "Achemwali, mukunena kuti pofika masana mumakhala musakuonanso bwino ndi tulo." Mnzakeyo anagwetsa misozi. Sindinganene kuti anakumbatirana, ayi, koma kuyambira pamenepo ankayang'anana polankhula.

Nkhani ya ndalama zotayika anaiika pambali dala mpaka kumapeto. Anati mukayamba ndi ya kulipira, aliyense amateteza thumba lake ndipo za mawa sizikambika. Choncho tinayamba ndi kulemba ntchito zonse zapakati, ngakhale zazing'ono ngati kupinda pepala la pulasitiki, ndipo iliyonse inapatsidwa dzina limodzi. Maganizo anga anali akuti azisinthana sabata ndi sabata. Wogula ndiye anakana, ndipo anali ndi mfundo. Usipa umaphedwa wambiri mwezi ukakhala mumdima, pamene nyali zimaukoka bwino. Mwezi ukawala kwambiri mabwato amabwera opepuka, masiku ena thandala limangokhala mbee. Kusinthana masabata kukanachititsa kuti wina azigwera sabata yolemetsa mobwerezabwereza, mnzake yopumula, ndipo tikanakangananso. Aphunzitsi anaseka n'kunena kuti za mwezi iwo sakanazidziwa, n'chifukwa chake mkhalapakati sabwera ndi yankho m'thumba.

Tinagwirizana zogawa ndi maola. Thandala lonse, kaya pali zofutsa kaya zaziwisi, ndi la wogula mpaka 11 koloko. Kuyambira pamenepo mpaka nsomba zitalowa m'sitolo ndi la wamphika. Nkhuni tinazichotsa m'manja mwake n'kupatsa mayi wina wa gulu, ndipo mwana amakatengedwa ndi mnansi masiku amene nsomba zachuluka. Posiyirana, wogula sachoka asanapereke kiyi wa sitolo m'manja mwa mnzake, osati kudzera mwa mwana, osati kuupachika pa msomali. Amene ali ndi kiyi ndiye mwini thandala, ndipo ngati mnzake wachedwa kapena wadwala amaimbira ine, osangonyamuka. Ndowa amatsuka amene wazigwiritsa ntchito pomaliza, mphika ndi wa mwini wake, ndipo mayunitsi a usiku akuchokera m'thumba la gulu sabata iliyonse.

Pa zotayika zija, gulu linavomera kusenza theka popeza lamulo lake ndilo linali lopunduka. Theka linalo tinagawana atatu, ine ndi awiriwo, kuchotsa pang'onopang'ono pa phindu la maulendo anayi a ku Limbe. Si onse anakondwa nazo. Mayi wina m'gulu mpaka lero amati awiriwo anayenera kulipira zonse, ndipo ndi ufulu wake kutero. Aphunzitsi anatiuzanso poyera malire a ntchito yawo: kuti pakanakhala kuti ndalama zasowa kapena wina wamenya mnzake, iwo sakanakhala pakati, ikanakhala nkhani ya komiti ya padoko, amfumu kapena apolisi. Iwo amayanjanitsa anthu amene sanamvane, osati kuphimba mlandu.

Patatha masabata awiri anabwera osaitanidwa kudzaona ngati pangano likugwira. Anapeza kuti 11 koloko inali yochedwa masiku amene mabwato afika msanga, ndiye tinaisuntha kukhala 10. Anapezanso kuti kiyi unali utapachikidwapo pa msomali kamodzi. Sanakalipe, anangofunsa kuti tsiku limenelo mvula ikanagwa tikanaloza ndani.

Ndithokozenso amuna awo a amayi awiriwa chifukwa chosalowerera, ngakhale ndikudziwa kuti pakamwa pankayabwa. Ndithokoze mlembi wathu amene analemba panganolo m'buku la gulu n'kumata lina pachitseko cha sitolo, komanso amayi otigula ku Limbe amene anadikira katundu masabata atatu osapita kwa ena. Anzanga awirinu, zikomo povomera kukhala pamphasa imodzi mitima ikadali yotupa, ndiponso pondilola kulemba izi.

Mvula yagwanso kanayi masana chichitikire zimenezi, ndipo kanayi konseko pepala linafika pathandala madontho asanakule. Aphunzitsi anakana ndalama. Tawatumizira chigoba cha usipa wofutsa, ndipo atumiza mawu akuti mchere unachepa pang'ono.